Kusanja mafulakishoni ndi madesimo pa mzere umodzi wa manambala

Funso lake pa pepala loyesererapo masamu limakhala lalifupi: sanjani manambala awa kuyambira yaing'ono kufikira yaikulu. M'munsi mwake mumapeza manambala osakanikirana, ena olembedwa ngati mafulakishoni, ena ngati madesimo, ndipo kenako pali mzere woti muwaikepo. Chovuta n'chakuti 5/8 ndi 0.62 sizilembedwa mofanana, choncho simungangoyang'ana n'kunena kuti yaikulu ndi iyi. Mzere wa manambala umathetsa zimenezi chifukwa nambala iliyonse, kaya ilembedwe motani, ili ndi malo amodzi okha pa mzerewo, ndipo imene ili kumanja ndiyo yaikulu.

Tigwira ntchito ndi manambala asanu ndi atatu awa mpaka kumapeto:

3/4, 0.4, 5/8, 0.08, 2/3, 0.62, 0.35, 2/5

Mufunika rula yokhala ndi timizere ta mamilimita, pensulo yosongoka bwino ndi chofufutira. Kusongoka kwa pensulo si nkhani ya ukhondo chabe ayi. Muona kutsogoloku kuti kunenepa kwa kadontho kamene mukulemba kumatha kubisa kusiyana kwa manambala awiri.

Choyamba: dziwani kukula kwa mpata uliwonse

Musanaike nambala ngakhale imodzi, yang'anani mzere umene mwapatsidwa. Ukuyambira pa nambala yanji, ndipo ukuthera pati? Mukadziwa zimenezo, werengani mipata imene ili pakati pa chiyambi ndi mathero. Muwerenge mipata, osati timizere toduliza. Apa ndi pamene anthu ambiri amasocherera asanayambe n'komwe masamu enieni. Mzere wochokera pa 0 kufika pa 1 wogawidwa magawo 10 umakhala ndi timizere 11, chifukwa pa 0 pomwepo palinso kamzere. Munthu wowerenga timizere amayamba kunena kuti "chimodzi" chala chake chili pa 0, ndipo nambala iliyonse imene aike ikhala itabwerera m'mbuyo ndi mpata wathunthu.

Kukula kwa mpata mumakupeza pogawa utali wa mzere ndi chiwerengero cha mipata. Kuchokera pa 0 kufika pa 1 ndi mipata 10, mpata uliwonse ndi 0.1. Mipata ikakhala 5 yokha, uliwonse ndi 0.2, ndipo kamzere koyamba pambuyo pa 0 si 0.1 monga mutu umafulumira kuganiza. Mzere ukachokera pa 0 kufika pa 2 uli ndi mipata 8, uliwonse ndi 0.25. Olemba mapepala oyeserera amakonda kusinthasintha magawidwewa mwadala, pofuna kuona ngati wophunzira akuwerenga mzere kapena akungoyendera chizolowezi. Lembani ndi pensulo nambala ya kamzere kalikonse m'munsi mwake, ndipo muonetsetse kuti mukafika kumapeto mwaterera ndendende pa nambala imene inasindikizidwa kale. Ngati mwafika pa 0.5 pamene pepala lalemba 1, ndiye kuti kukula kwa mpata mwakuphonya.

Ngati pepala lakupatsani ufulu wojambula nokha mzere, kapena mzere wosindikizidwawo ndi waufupi kwambiri, jambulani wanu wotalika masentimita 10 ndendende. Ikani 0 kumanzere ndi 1 kumanja. Utali umenewu ndimaukonda kuposa wina uliwonse chifukwa rula imakugwirirani ntchito yonse yogawa: sentimita iliyonse ikuimira 0.1, ndipo milimita iliyonse ikuimira 0.01. Nambala ngati 0.35 imangokhala pa mamilimita 35, basi. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: pa marula ambiri 0 sakhala m'mphepete mwenimweni, amakhala chamkati pang'ono. Muyambire kuyeza pa kamzere ka 0, osati pamene rula yayambira.

Chachiwiri: gawani manambala pogwiritsa ntchito theka

Ikani chizindikiro chooneka bwino pakati pa mzere, pa masentimita 5, ndipo mulembe 1/2 pamwamba ndi 0.5 pansi. Musanawerengetsere chilichonse, funsani nambala iliyonse funso limodzi: kodi ili kumanzere kwa theka kapena kumanja?

Kwa madesimo oyambira ndi 0, yang'anani nambala yoyamba pambuyo pa poyinti. Ikakhala yochepera 5, desimoyo ndi yochepera theka. Choncho 0.4, 0.08 ndi 0.35 zili kumanzere, pamene 0.62 ili kumanja. Kwa mafulakishoni, yerekezani nambala ya pamwamba ndi theka la nambala ya pansi. Pa 5/8, theka la 8 ndi 4, ndipo 5 yaposa 4, ndiye 5/8 ili kumanja. Pa 2/3, theka la 3 ndi 1.5, ndipo 2 yaposa, nayonso ili kumanja. 3/4 ili kumanja. Pa 2/5, theka la 5 ndi 2.5, ndipo 2 sinafikepo, choncho ili kumanzere.

Tsopano muli ndi magulu awiri. Kumanzere kuli 0.4, 0.08, 0.35 ndi 2/5. Kumanja kuli 3/4, 5/8, 2/3 ndi 0.62. Ntchito imeneyi sitenga ngakhale mphindi imodzi, koma ndi imene imakugwirani dzanja mukalakwitsa kugawa kutsogoloku. Ngati mutawerengetsera n'kupeza kuti 5/8 ndi 0.16, mudziwa nthawi yomweyo kuti china chake chasokonekera, poti mwanena kale kuti 5/8 yaposa theka.

Chachitatu: sandutsani mafulakishoni akhale madesimo

N'zotheka kuchita mosemphanitsa, kusandutsa madesimo onse akhale mafulakishoni n'kufunafuna nambala ya pansi yofanana. Koma kwa manambala athuwa nambala imeneyo ingakhale 600, ndipo palibe amene angagawe mzere wa pa pepala magawo 600. Rula ili kale m'magawo a makumi, choncho njira yachidule ndi ya madesimo.

Yambani ndi zosavuta, zimene nambala yake ya pansi ingasanduke 10 kapena 100. Pa 2/5, chulukitsani pamwamba ndi pansi ndi 2, mupeza 4/10, imene ndi 0.4. Pa 3/4, chulukitsani ndi 25, mupeza 75/100, imene ndi 0.75.

5/8 ikufuna kugawa. Nambala ya pamwamba ndiyo imagawidwa ndi ya pansi, ndiye kuti 5 ÷ 8, osati 8 ÷ 5. Popeza 8 salowa mu 5, lembani 0 ndi poyinti, kenako 5 muione ngati 50. Mu 50, 8 amalowa ka 6, amene ndi 48, kutsala 2. Onjezani 0 kuti akhale 20: 8 amalowa kawiri, kutsala 4. Onjezaninso 0 kuti akhale 40: 8 amalowa ka 5, osatsala kanthu. Yankho ndi 0.625. Amene sakonda kugawa kotere angathe kuyenda ndi matheka: theka ndi 0.5, theka lake ndi 0.25 imene ndi 1/4, theka lakenso ndi 0.125 imene ndi 1/8, ndipo 0.125 kuchulukitsa ndi 5 ndi 0.625 yomweyo.

2/3 imachita zachilendo. Mu 20, 3 amalowa ka 6, kutsala 2. Mukaonjezera 0 mwabwereranso pa 20, ndipo yankho ndi 6 kachiwiri, kutsalanso 2. Zimapitirira choncho osatha: 0.666… Chizindikiro choti mwakumana ndi desimo yosatha ndi chimenechi, chotsala chikabwereranso chimene munachiona kale. Mungadziwirenso musanayambe kugawa. Fulakishoni ikafupikitsidwa mpaka pamapeto, desimo yake imatha ngati nambala ya pansi yapangidwa ndi 2 ndi 5 okha pochulukitsa, monga 4, 5, 8, 20 kapena 25. Mukakhala 3, 7 kapena 11 m'kati mwake, desimoyo siidzatha.

Ndiye muimire pati? Yang'anani desimo yaitali kwambiri pa pepala lanu, ndipo mupitirire ndi malo amodzi. Pano madesimo opatsidwa ali ndi malo awiri pambuyo pa poyinti, choncho malo atatu ndi okwanira. Lembani 0.666… ndi timadontho take, ndipo musaikweze kukhala 0.67. Chifukwa chake tichiona posachedwa.

Pali kulakwitsa kumodzi kofala kumene kumachitika pa siteji ino: kutenga manambala a fulakishoni n'kungowaika mbali ziwiri za poyinti, kapena kuwandandalika pambuyo pake. 5/8 imasanduka 5.8 kapena 0.58, ndipo 2/5 imasanduka 2.5 kapena 0.25. Za 5.8 ndi 2.5 zimagwidwa msanga chifukwa sizikwana n'komwe pa mzere wothera pa 1. Zoopsa ndi 0.58 ndi 0.25, popeza zimaoneka ngati zoona ndipo zimagwera mbali yolondola ya theka. Njira yozigwirira ndi kuchulukitsa mobwerera: 0.58 kuchulukitsa ndi 8 ndi 4.64, osati 5. Pamene 0.625 kuchulukitsa ndi 8 ndi 5 ndendende.

Chachinayi: ikani manambala pa mzere

Musanayambe kuika, lembani madesimo onse m'mbali mwa pepala, poyinti pansi pa poyinti inzake, ndipo mudzaze maziro kumapeto kuti onse akhale ndi malo atatu: 0.750, 0.400, 0.625, 0.080, 0.666…, 0.620, 0.350, 0.400. Ziro woikidwa kumapeto kwa desimo sasintha kukula kwa nambala. Amene amasintha ndi ziro wokhala pakati pa poyinti ndi nambala ina, monga wa mu 0.08.

Tsopano gonekani rula pansi pa mzere, 0 wake agwirizane ndi 0 wa mzere. 0.08 ili pa mamilimita 8, isanafike n'komwe pa kamzere ka 0.1. Ambiri amaiponya pa masentimita 8, pamalo a 0.8, n'kukhala kuti nambala yochepetsetsa pa zonse yakhala yaikulu kuposa zonse. Kumbukirani kuti tinaiika m'gulu la kumanzere.

0.35 ili pa mamilimita 35, pakati penipeni pa 0.3 ndi 0.4. Ndipo 0.4 ili pa mamilimita 40. Pano mzere ukukonza maganizo ena olakwika amene amazika mizu kwambiri, akuti 0.35 ndi yaikulu kuposa 0.4 chifukwa 35 yaposa 4. Maganizo amenewa amachokera ku manambala athunthu, kumene nambala yaitali imakhaladi yaikulu. Ku madesimo utali sunena kanthu. Munthu akaika yekha kadontho ka 0.35 n'kuona kuti kakadali mamilimita 5 kasanafike pa 0.4, amamvetsa msanga kuposa kumuuza lamulo kambirimbiri. Palinso ena amene amatembenuza maganizowo n'kumati desimo yaitali ndiyo yaing'ono nthawi zonse, ndipo amenewa amaika 0.625 kumanzere kwa 0.62. Nawonso mzere womwewu uwakonza.

2/5 ndi 0.4, choncho ikugwera pa mamilimita 40 pomwepo. Musaisunthire pambali pofuna kuti iliyonse ikhale ndi malo akeake. Ndi nambala imodzi yolembedwa m'njira ziwiri, ndipo kadontho kake ndi kamodzi. Kuti pepala lisadzadze, zolowerani kulemba mafulakishoni pamwamba pa mzere ndi madesimo pansi pake, kadontho kali pakati.

Kumanja, 3/4 ili pa mamilimita 75. 2/3 ili pakati pa mamilimita 66 ndi 67, chakufupi ndi 67. Zatsala ziwiri: 0.62 ili pa mamilimita 62, ndipo 5/8 ili pa mamilimita 62 ndi theka. Yesani kuziika. Mupeza kuti timadontho tiwiriti tagundana n'kusanduka kamodzi, ngakhale pensulo ikhale yosongoka bwanji.

Chachisanu: manambala akathithikana, kulitsani kachigawo kameneko

Apa mzere wathu wafika pomwe ungathe. Mzere wa masentimita 10 umasiyanitsa bwino manambala otalikirana ndi 0.01 kapena kuposa. Kusiyana kwa 0.62 ndi 0.625 ndi 0.005, theka la milimita, ndipo kadontho ka pensulo kamanenepa pafupifupi chomwecho. Musaganizire, ndipo musalembe kuti n'zofanana chifukwa chakuti zagundana. Kugundana kwa 0.4 ndi 2/5 kunatsimikizidwa ndi masamu, pamene uku n'kuperewera kwa malo chabe.

Jambulani mzere wachiwiri m'munsi mwa woyamba, wotalikanso masentimita 10. Koma ulendo uno lembani 0.6 kumanzere ndi 0.7 kumanja. Mwatenga sentimita imodzi ya mzere woyamba n'kuitambasula kakhumi. Bwererani ku funso la poyamba lija, kukula kwa mpata: utali ndi 0.1, mipata ndi 10, choncho sentimita iliyonse tsopano ndi 0.01, ndipo milimita iliyonse ndi 0.001. Lembani timizere: 0.61, 0.62, 0.63, mpaka 0.69, kenako 0.7. Ndi bwino kujambula timizere tiwiri topendekeka tochokera pa 0.6 ndi 0.7 za mzere wa pamwamba kupita kumalekezero a mzere watsopanowu, kuti wowerenga aone kumene wachokera.

Pa mzere umenewu 0.62 ili pa masentimita 2. 5/8, imene ndi 0.625, ili pa masentimita 2 ndi theka. Pakati pake pali mamilimita 5 oonekeratu, ndipo 5/8 ndiyo ili kumanja. 2/3 nayo mungaiikeponso, cha pa masentimita 6 ndi mamilimita 7.

Tiyeni tibwerere ku nkhani yokweza 2/3 kukhala 0.67. Tiyerekeze kuti pa pepala panalinso 0.67. Mukanakweza, mukanaika ziwirizi pamalo amodzi n'kulemba kuti n'zofanana, pamene 2/3 ndi yocheperapo. Pa mzere wokulitsidwa, 0.67 ili pa masentimita 7 ndendende, ndipo 2/3 ili mamilimita atatu ndi pang'ono kumanzere kwake. Chimodzimodzi 1/3 ndi 0.33, kungoti kumeneko fulakishoni ndiyo yaikulu, chifukwa 0.333… imapitirira pamene 0.330 yaima. Mapepala oyeserera amakonda kwambiri kuika manambala awiriawiri oterewa. Mukaona desimo yofanana kwambiri ndi fulakishoni yosatha, dziwani kuti yaikidwa dala.

Ngati pa mzere wachiwiri manambala akadali othithikana, monga 2/3 ndi 0.667, kulitsaninso: mzere wachitatu uchokere pa 0.66 kufika pa 0.67. Kumeneko 0.667 ili pa masentimita 7, 2/3 ili kumanzere kwake pang'ono.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani yankho ndipo mulitsimikize

Werengani kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo mukafika pakati pa 0.6 ndi 0.7 mutsikire pa mzere wachiwiri, kenako n'kubwerera pa woyamba. Lembani manambala monga anaperekedwera m'funso. Funso linapereka 5/8, choncho mu yankho mulembe 5/8, osati 0.625. Madesimo amene munapanga anali ongokuthandizani kupeza malo.

0.08 < 0.35 < 0.4 = 2/5 < 0.62 < 5/8 < 2/3 < 3/4

Werengani manambala a mu yankho. Akhale asanu ndi atatu monga m'funso. Imene imaiwalika kawirikawiri ndi imodzi mwa ziwiri zokhala pa kadontho kamodzi. Yang'ananinso funso ngati likufuna kuyambira yaing'ono kapena yaikulu. Likafuna kuyambira yaikulu, muwerenge kuchokera kumanja ndipo chizindikiro chikhale >. Kukamwa kwa chizindikirocho kumayang'ana ku nambala yaikulu nthawi zonse.

Simufunika kutsimikiza manambala onse. Tsimikizani okhawo oyandikana kwambiri, ndipo muchite zimenezo m'njira ina yosadalira rula kapena kugawa kumene munachita kale. Lembani desimo ngati fulakishoni: 0.62 ndi 62/100. Iikeni pambali pa 5/8, ndipo muchulukitse mopingasa, nambala ya pamwamba ya iyi ndi nambala ya pansi ya inayo. 5 kuchulukitsa ndi 100 ndi 500, ndipo imeneyi ikuimira 5/8. 62 kuchulukitsa ndi 8 ndi 496, ndipo ikuimira 0.62. Popeza 500 yaposa 496, 5/8 ndiyo yaikulu, monga mzere unaonetsera. Chotsatira cha kuchulukitsa kulikonse chimapita kwa fulakishoni imene yapereka nambala ya pamwamba, ndipo mukasokoneza pamenepa yankho limatembenuka. Kwa 2/3 ndi 67/100, mupeza 200 ya 2/3 ndi 201 ya 0.67. Njira imeneyi ilibe vuto ndi madesimo osatha, chifukwa simugawa chilichonse.

Manambala akaposa 1

Mapepala ena amasakaniza manambala monga 7/4, 1.6, 1 2/3 ndi 0.9. Njira ndi yomweyi, kungoti muyambe mwapatula gawo lathunthu. Mu 7, 4 amalowa kamodzi kutsala 3, choncho 7/4 ndi 1 3/4, imene ndi 1.75. Mzere uyenera kufika pa 2. Ngati pepala lili ndi malo, utalikitseni ukhale masentimita 20 kuti milimita ipitirize kuimira 0.01. Ngati malo ndi masentimita 10 okha, milimita iliyonse ikuimira 0.02, ndipo kuti mupeze malo a nambala muichulukitse ndi 50: 0.9 ili pa mamilimita 45, 1.6 pa mamilimita 80, 1 2/3 cha pa 83, ndipo 7/4 pa 87 ndi theka. Mungathenso kuzindikira kuti 0.9 yokha ndiyo yochepera 1, n'kuiika poyamba, kenako n'kujambula mzere wochokera pa 1 kufika pa 2 wa manambala atatu otsalawo. Pamenepo 1.6 ili pa mamilimita 60, 1 2/3 pakati pa 66 ndi 67, ndipo 7/4 pa 75.